Mbuzi ya Chikole

Mkazi wanga. Mawu ake poitana nkhuku. Munthu wondiseka ndikayankhula Chingerezi kutulo. Dzina limene ankanditchula tikakhala awiri. Chilakolako cha chakudya. Mizere ya manja ake pansi pa nyumba, pamene adazira komaliza.

Izi ndidataya m'dzinja la chaka chathachi. Mwana sindidataye, ndipo zimene ndikulemba pano ndi za m'mene adatsalira m'manja mwanga.

Tidafika ku Chiromo titangokwatirana. Ine ndidali nditamaliza maphunziro kusukulu yaikulu ya amishoni kumapiri, ndipo ndidalembedwa ukalaliki pa siteshoni ya njanji, kumalemba mabelo a thonje olowa ndi otuluka. Iye adali wa kwa Maseya, mwana wamasiye woleredwa ndi atsibweni ake. Tidatsika Shire pabwato ndi mphasa ziwiri, bokosi langa la mabuku, miphika, ndi mbuzi yaikazi imene mayi ake adamusiyira. Mbuziyo idalira ulendo wonse, ndipo wopalasa adati akadadziwa akadatilipiritsa ngati anthu atatu.

Nyumba za kuntchito zidali za amuna osakwatira, anayi m'chipinda chimodzi, choncho tidafunafuna ya lendi. Tidaipeza kuseri kwa masitolo a amwenye. Mwini wake adali bambo wachikulire, Msena, amene adakhalapo kapitawo pa sitima za pamadzi zochokera ku Chinde mpaka njanji idalanda katundu. Ndalama za ukapitawo adamangira nyumba zitatu za zidina zofolera ndi udzu, ndipo ndizo zidali munda wake wa ukalamba. Anthu onse ankawatchulabe akapitawo, nanenso ndiwatchula choncho.

Adatilandira pakhonde pawo, nandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Akalaliki ndimawadziwa," adatero. "Lero ali pano, mawa kalata yabwera, akwera sitima ya ku Blantyre, chitseko changa atawotchera nsomba. Ndifuna chikole."

Ndidawauza kuti malipiro anga oyamba adali asanatuluke.

"Ndiye nkhabe nyumba," adatero m'Chisena chawo, kutanthauza kuti nyumba palibe.

Mkazi wanga adali atakhala pansi chapatali, chingwe cha mbuzi chili m'manja. Adandiyang'ana, nayang'ana mbuzi, nandiyang'ananso. Ndidamva.

Akapitawo adaitana mboni ziwiri. Wa mbali yawo adali mlamu wawo, wowolotsa anthu pa Ruo. Wa mbali yathu, poti tidalibe wachibale pamalopo, adali mayi wogulitsa nsomba zouma amene ankachita lendi nyumba yoyandikana ndi imene tinkafunayo. Ine ndidatulutsa pensulo kuti ndilembe pangano, koma akapitawo adakana ndi dzanja.

"Pepala chiswe chimadya. Awa chiswe sichiwadya."

"Udzudzu ndiwo ukutimaliza," adatero mayi wa nsomba.

Pangano adalinena okha, pang'onopang'ono, monga ankanenera kwa aliyense wolowa m'nyumba zawo. Lendi ndizipereka tsiku lolandira malipiro. Mbuzi ikhala m'khola mwawo koma ndi ya mkazi wanga: saigulitsa, saipha, ndipo ikabereka ana ndi athu. Tsiku lotuluka tidzayendera nyumba pamodzi ndi mboni. Ngati taswa kanthu ndi manja athu kapena mwa kusasamala, mtengo wake udzachoka pa chikole, ndipo ngati sitidaswe, mbuzi idzabwerera yonse. Denga, makoma, mphuthu, zimene chiswe chadya ndi zimene madzi osefukira agwetsa ndi zawo kukonza, ife tikangowauza. Kuzira, kusesa ndi kusamala mpanda wa bango ndi zathu. Wofuna kuthetsa panganoli, kaya iwo kaya ife, adzanene tsiku la lendi pamaso pa mboni, ndipo padzapite mwezi wathunthu.

"Ndi tenepo?" adafunsa m'Chisena, kuti mboni zivomereze ngati zili choncho.

"Ndi tenepo," zidayankha mboni.

Popita kukaona nyumbayo mkazi wanga adayenda pambuyo panga. Titalowa adati, "Ine mudandipatsa chikole cha nsalu imodzi. Akapitawo mwawapatsa mbuzi. Kodi mwakwatira ndani?"

Idali nyumba ya zipinda ziwiri, yokhala ndi zenera limodzi loyang'ana kunjanji. M'miyezi yotentha tinkagona pakhonde, tikufukiza ndowe zouma kuti udzudzu uchepe. Iye adaphunzira Chisena pamsika msanga kundiposa ine, ndipo ankandimasulira zimene amalonda ankandinena. Adalima kadimba ka mbatata ndi maungu kutsidya. Madzulo aliwonse ankadzera kukhola la akapitawo ndi makoko a mbatata, kukaona mbuzi yake. Chaka choyamba idabereka kamsoti. Chaka chachiwiri ifenso tidaona mwana wamkazi, ndipo mayi wa nsomba, amene adamuthandiza pobereka, adati nyumba ino chilichonse chimabala zazikazi.

Denga lidayamba kudontha kumapeto kwa dzinja la chaka chimenecho, chapakona pa chipinda chogona. Ndidakwera kukaona ndipo ndidapeza chiswe chitadya phaso ziwiri. Ndidauza akapitawo tsiku lomwelo. Adati pyadidi, ndiko kuti chabwino, udzu ukauma adzafolera. Udzuwo adagula ndithu m'chilimwe, ndipo ndidauona utaunjikidwa pathandala kuseri kwa nyumba yawo. Kenaka adatanganidwa ndi msika wa thonje, kenaka adadwala mwendo, kenaka mvula idagwa. Ndidawakumbutsa kawiri. Tidasunthira mphasa pakati pa chipinda, n'kuika mphika pakona.

Sindinena kuti denga ndilo lidamupha. Adadwala malungo, monga anthu ambiri adadwalira chaka chimenecho. Adagona sabata imodzi, naoneka ngati akuchira. Adamwalira masana, ine ndili kuntchito. Chifukwa cha kutentha kwa kuno tidamuika m'mawa mwake, kumanda a mpingo. Mwana adali atayamba kukwawa.

Atsibweni ake adafika maliro ataikidwa kale, poti uthenga udayenda pansi. Ndi bambo wamtali, wosachulutsa mawu. Adapita kumanda, nabwerera, nakhala pansi pa mtondo wa panja. M'nyumba adakana kulowa.

"Akamwini," adatero, "mwanayu ndi wa mbumba yanga. Mukudziwa."

"Ndikudziwa, bambo."

"Kumudzi kuli azakhali ake. Ndimutenge."

Ndidawapempha kuti andisiyire. Ndidati mayi wa nsomba ali ndi khanda lake ndipo wavomera kumuyamwitsa m'mawa ndi kumubereka masana pamodzi ndi wake. Ndidati amayi a kuchipatala cha mishoni andiuza kuti mkaka wa mbuzi wowiritsa, wothira m'phala, ungakwaniritse potsala. Ndidati mbuzi tili nayo, ndipo yangobereka mapasa. Zifukwa ndidazinena bwino, monga adatiphunzitsira kusukulu. Chifukwa chenicheni sindidachinene, koma ndikhulupirira adachiona.

Atsibweni adayang'ana mwanayo.

"Mwamuna kulera khanda sindidaonepo," adatero. "Koma zambiri za ku Chiromo sindidazionepo. Ndibweranso mapira akayamba kutulutsa ngala. Ndikapeza mwana wowonda, kapena akugona ponyowa, kapena mukuyenda naye m'makonde mwa anthu, ndidzamutenga, ndipo simudzandifunsa."

Ndidavomera. Zidali zoona, ndipo nanenso ndikadanena zomwezo.

Atangochoka, akapitawo adabwera. Adaima kunja kwa mpanda, chipewa chili m'manja. Pamaliro adali atathandiza kwambiri: matabwa a bokosi adachokera kwa iwo. Adandipepesa kachiwiri, kenaka adayang'ana kumbali.

"Mwananga, mwezi uno ukafa mundipatse nyumba."

Mwezi wakumwamba udali utatsala kachidutswa, wotuluka mbandakucha.

"Nanga mbuzi?" ndidafunsa.

"Mbuzi itsala. Nyumba yaonongeka."

Ndidafunsa chimene chaonongeka. Adavala chipewa napita.

Ndidalowa m'nyumba, n'kukhala pabokosi la mabuku. Mwana adali pansi akumenya mphika wa madontho ndi chikho. Mawu awiri okha a akapitawo adali atachotsa zonse zitatu zimene atsibweni adatchula. Ku Chiromo m'dzinja nyumba youma sipezeka, poti madzi akakwera anthu a m'madimba onse amathawira kumtunda. Popanda nyumba ndi mbuzi, mwana adali wopita.

Mnzanga wa kuntchito adandiuza kuti ndikasume kuboma. Adati ndimadziwa Chingerezi, mzungu adzandimva ine asanamve nkhalamba. Mwina zikadatero. Koma mlandu wa kuboma umadikira tsiku lake, ndipo ngakhale ndikadapambana ndikadakhala m'nyumba ya munthu amene ndamuchititsa manyazi, madenga ake ali m'manja mwake. Pangano lathu lidali ndi mboni. Ndidapempha kuti ziitanidwe.

Tidakumana Loweruka masana pakhonde lomwe lija. Mayi wa nsomba adabwera ndi ana awiri, wake kumsana, wanga pachifuwa. Mlamu wa akapitawo adabwera ndi nkhafi yake, naiyedzeka pakhoma.

Ndidayamba ndi za mwezi. Ndidati tidapangana mwezi wathunthu, wonenedwa tsiku la lendi pamaso pa mboni, ndipo mawu aja adanenedwa pampanda, pakati pa mwezi, popanda wina womva.

"Mwezi ndi mwezi," adatero akapitawo. "Ife pamadzi tinkawerenga wakumwamba."

"Lendi mumalandira ndi wakumwamba?" adafunsa mayi wa nsomba. "Ngati ndi choncho ndiuzeni, ine ndizilipira ukakhala ku mitambo."

Mlamu wawo adaseka, kenaka adadziletsa. "Alamu, apa musalimbe. Tidati kuyambira tsiku la lendi kufika tsiku la lendi linzake. Ndidalipo. Ngakhale wakumwambayo, kachidutswa si mwezi."

Akapitawo adagwedeza mutu. "Pyadidi. Ndidzanena tsiku la lendi, akhale mwezi wake. Koma mbuzi itsala."

"Tidati chikole chigwidwa pa zimene taswa ndi manja athu," ndidatero. "Tiyeni tikayendere nyumba. Chitseko chilipo, zenera lilipo, mpanda ndidamanga watsopano. Choonongeka ndi denga, ndipo denga ndi lanu. Ndidakuuzani katatu."

"Za denga ndavomera. Udzu uli apo, ukundiyang'ana tsiku lililonse." Adaloza kuseri ndi chibwano. "Ine sindikunena denga."

"Mukunena chiyani?"

Adatembenukira kwa mlamu wawo ngati akufuna kuti awanenere, koma mlamuyo adali akuyang'ana nkhafi yake.

"Mwananga, iwe udaphunzira, ndipo umapemphera. Koma wobwera pambuyo pako adzafunsa. Asanafunse, amayi a pamsika adzamuuza: m'nyumba umo mudafera munthu, mtsikana, mwana ali kubere. Ndani adzayala mphasa m'menemo? Kumudzi nyumba yotere amaitseka, kapena amaigwetsa. Inenso ndiyenera kugwetsa ndi kumanga ina, ndipo mwendo uwu suumbanso zidina. Ndilipira anthu. Ndilipira ndi chiyani? Nyumba zitatu zija ndizo ana anga. Mmodzi wafa."

Sadanene mwaukali. Ndidaona kuti nkhalambayo idali isakugona, monga ine.

"Imfa si kuswa, alamu," adatero wowolotsa uja motsitsa mawu. "Palibe adaibweretsa ndi manja. Ikadalowa kwa ine kapena kwa inu. Chikole sichigwira pamenepo."

"Ndiye ndiluze ndekha?"

"Madzi akagwetsa khoma mumaluza ndi ndani?"

Mwana wanga adayamba kulira, ndipo mayi wa nsomba adamutembenuza namupatsa bere, akuyankhulabe.

"Ine chikundidabwitsa china. Mukuti wobwera pambuyo, wobwera pambuyo. Kodi akalalikiwa adakuuzani kuti akupita?"

"Angakhale bwanji?" adatero akapitawo. "Aliyense amachoka. Ndidaona mtsibweni atabwera, ndidati basi, atenga mwana, uyu apempha kumusamutsa, ndidzadzuka m'mawa nyumba ili pululu. Ndidati ndiyambe ndine."

"Bambo," ndidatero, "ine sindikufuna kuchoka."

Adandiyang'ana monga adandiyang'anira tsiku loyamba, kuyambira kunsapato.

"Ukufuna kugona m'nyumba ya maliro?"

"Ndagonamo kale masiku onsewa. Mwanayu adabadwira m'menemo. Atsibweni andisiyira, malinga akapeze denga louma ndi mwana wonenepa. Ndikatuluka, amutenga."

Kumtsinje sitima yaing'ono idaliza mluzu, ndipo akapitawo adatembenuza mutu mosadziwa, monga ankachitira nthawi zonse.

"Bwanji sudanene?"

"Simudafunse. Nanenso sindidafunse chimene mukuopa."

Mlamu wawo ndiye adamasula mfundo. Adati nyumba imaopsa ikakhala yotseka. Mukakhala munthu, utsi ukutuluka, matewera ali pampanda, chaka chikatha anthu adzaitchula nyumba ya kalaliki wa kamtsikana kaja, ndipo za maliro zidzatsalira kumanda. Adati akapitawo akanditulutsa ndiye kuti adzipangira okha nyumba imene akuiopayo.

"Iwe umayankhula ngati wowolotsa," adatero akapitawo. "Aliyense umamuuza kuti tsidya lili pafupi."

"Ndipo amafika."

Akapitawo adapukuta nkhope ndi chipewa. Adati mawu a pampanda aja awameza, ndipo mboni zimve kuti sadanene kanthu. Adati mvula ikangopuma adzafolera. Koma adapempha chinthu chimodzi: kuti akazi awo ndi amayi ena abwere kudzasesa nyumbayo ndi kuizira ndi dothi latsopano, monga amachitira kwawo, anthu a pamsika aone. Ndidadziwa kuti m'dothimo mudzakhala zina zimene abusa athu sakadavomereza. Ndidadziwanso chimene dothilo lidzakwirira. Ndidavomera.

Idatsala mbuzi. Ndidapempha kuti ndiitenge chifukwa cha mkaka.

"Apo nkhabe," adatero akapitawo, ndipo mawu awo adabwerera mwakale. "Ukhala m'nyumba, chikole chikhala m'khola. Chimabwerera tsiku lotuluka. Wanena wekha pangano, usalidule pakati."

Adali olondola, ndipo ndidawauza kuti ali olondola. Ndidaganiza zomapita kukhola kwawo m'mawa uliwonse ndi chikho, koma khola lili kutali ndi kwathu, ndipo belu la ku siteshoni silidikira.

"Kodi kamsoti ka chaka choyamba chija kali kuti?" adafunsa mayi wa nsomba.

"Kali m'khola," adatero akapitawo. "Si kamsotinso, ndi mbuzi yathunthu, imadya ngati kalaliki."

"Ndi ya yani?"

"Ndi yawo. Tidati ana ndi awo."

"Ndiye chikole chabala chikole. Gwirani mwanayo, make apite akagwire ntchito."

Akapitawo adafunsa mlamu wawo ngati mbuzi ziwirizo zingafanane mtengo. Mlamuyo adati yaing'onoyo ikuposa, poti ili ndi zaka zambiri kutsogolo. Adandifunsa ngati ndavomera kusinthaku, ndipo ndidavomera. Adanenanso pangano lonse kuyambira pachiyambi, mbuzi yatsopano ili m'malo mwa yakale, kuti pasadzakhale wonena kuti sadamve.

"Ndi tenepo?"

"Ndi tenepo."

Madzulo amenewo ndidakoka mbuzi ya mkazi wanga kupita nayo kwathu, tiana take tiwiri tikudumpha pambuyo. Kukama sindinkadziwa. Kusukulu tidaphunzira za mitsinje ya ku Ulaya, koma izi ayi. Masiku oyamba idandiponda, idagubuduza chikho, ndipo ana a pamsewu ankakwera mpanda kudzaonerera kalaliki atagwada kumbuyo kwa mbuzi. Pang'ono ndi pang'ono tidamvana. Imafuna makoko a mbatata patsogolo, ndi munthu wosafulumira.

Mvula idapuma sabata yotsatira. Akapitawo adabwera ndi amuna awiri, udzu uja, phaso zatsopano ndi milaza yomangira. Okha sakadakwera, choncho adakhala pampando panja akulamula ngati ali pa sitima. Adasasula mbali yonse ya kuchipinda, osati pakona pokha, chifukwa adapeza chiswe chitapita patali. Ndidafuna kuwathandiza kulipira amunawo, poti ntchito idakula kuposa m'mene tinkaganizira. Adakana.

"Denga ndi langa. Ukandilipirira lero, mawa udzati nyumba ndi yako."

Pochoka adaima pakhomo, nayang'ana pakona pamene padali mphika.

"Ndikadafolera m'chilimwe," adatero.

"Adadwala malungo, bambo."

"Ndikudziwa. Ndikadafolerabe."

Amayi adabwera m'mawa mwake ndi dothi lakuda la kudambo. Tidatulutsa katundu yense. Mkazi wanga pozira ankayenda chobwerera kuchokera kukhoma la kumbuyo, dzanja likuzungulira ngati mamba a nsomba, ndipo chapakhomo padali pamene adatsamira ndi chikhato chonse podzuka. Ndidapempha kuti ndilowe kaye ndekha. Sindidakhalitse. Nditatuluka ndidanyamula mwana, n'kupita naye kukaona sitima ikuwoloka mlatho. Pobwerera pansi padali posalala, ponunkhira dothi lonyowa, ndipo akazi a akapitawo adali atakoleza moto watsopano. Adatenga mwanayo m'manja mwanga namukhazika pakati pa chipinda. Adakwawa, nasiya timabondo take pa dothi losauma. Amayiwo adafuna kusalaza, koma akazi a akapitawo adati zisiyeni.

Kuyambira pamenepo masiku adayamba kufanana, ndipo kufananako kudandithandiza. M'mawa kukama, kuwiritsa, kupereka mwana kwa mayi wa nsomba. Masana mabelo. Madzulo phala, kuchapa, kuyanika. Mwana ankabwera akununkha utsi wa nsomba, ndipo mawu ake oyamba adali a Chisena. Tsiku la lendi akapitawo adayamba kubwera okha m'malo modikira kuti ndiwapititsire. Ankati akudzaona denga. Ankayang'ana m'mwamba pang'ono, kenaka n'kukhala pansi kumusewetsa mwanayo ndi chipewa.

Madzi adakwera mwezi wotsatira, nafika pa masitolo a amwenye, koma kwathu adalekeza pampanda. Khoma la kumbuyo lidang'ambika pang'ono m'munsi. Ndidawauza madzulo, ndipo m'mawa mwake munthu adali akumata.

Atsibweni adabwera mapira atatulutsa ngala, monga adanenera. Adafika Lamulungu tikuchokera kutchalitchi. Ulendo uno adalowa m'nyumba. Adaima pakati pa chipinda nayang'ana denga nthawi yaitali, nagwira khoma, nagwira mphasa ya mwana. Adatuluka kukaona mbuzi, naizindikira.

"Iyi ndi ya mlongo wanga."

"Ndi yomweyo, bambo."

"Yakalamba. Idakali ndi mkaka?"

"Wokwanira chikho."

Adakhala pansi pa mtondo, ndipo ndidawapatsa mwanayo. Adamutsina ntchafu, namutsegula pakamwa kuona mano, namunyamula m'mwamba kuyesa kulemera kwake. Mwanayo adawagwira ndevu. Mayi wa nsomba adali pampanda, akunamizira kuyanika nsalu.

"Mayi," adaitana atsibweni, "mwanayu amalira usiku?"

"Amalira, bambo. Koma bambo ake ndiwo amayamba kuimba, ndiye timapempha kuti mwanayo apitirize."

Atsibweni sadaseke, koma ndevu zidagwedezeka. Akapitawo adafika akutsimphina, poti adali atamva kuti kwabwera mlendo. Adapatsana moni wautali, wina m'Chimang'anja wina m'Chisena. Atsibweni adafunsa ngati mkamwini wawo ali wokhazikika panyumbapo, kapena tsiku lina adzauzidwa kuti atuluke.

"Ndikafuna kumutulutsa ndidzanena tsiku la lendi, pamaso pa anthu, ndipo adzakhala ndi mwezi wathunthu," adatero akapitawo. "Koma sindikufuna. Ndani wina angakame mbuzi moseketsa chonchi?"

Atsibweni adandibwezera mwanayo.

"Akhale," adatero. "Tikakolola mubwere naye kumudzi, azakhali ake amuone, adziwe kwawo. Chaka chamawa tidzakambanso."

"Zikomo, bambo."

"Musandithokoze. Mwana ndi wathu ndithu. Takubwerekani."

"Chikole chake n'chiyani?" adafunsa mayi wa nsomba ali pampanda.

"Ameneyu," adatero atsibweni, akundiloza. "Akaswa kanthu tidzamugwira."

Adagona kwathu usiku umenewo, m'chipinda chakunja. M'mawa ndidawaperekeza mpaka padoko, mwana ali m'manja mwanga. Bwato lidali lisanadzaze, choncho tidakhala pamchenga kudikira. Atsibweni adayankhula akuyang'ana madzi.

"Pali chimene sindidakufunseni ulendo watha, poti mudali musanalimbe. Kumudzi akundifunsa. Kodi mwana wathu adasiya mawu?"

Ndidali ndisanauze munthu aliyense. Ndidawauza kuti sadasiye mawu a mbumba kapena a katundu, chifukwa sankadziwa kuti akupita, ndipo inenso sindinkadziwa. M'mawa umenewo thupi lidali litazizira, adamwa phala, nakhala tsonga kutsamira khoma, mwana ali pamiyendo. Ine ndidali nditavala kale koma ndikuzengereza pakhomo, ndikuti mwina nditumize uthenga kuti sindibwera. Belu la ku siteshoni lidalira. Adandiyang'ana akumwetulira, nagwira dzanja la mwanayo kuti anditsanzike.

"Adati chiyani?" adafunsa atsibweni.

"Adati, 'Pitani, muchedwa. Mutipeza pompano.'"